Fungo la kanyimbi m'botolo la mowa

Botolo limatha kutuluka m'furiji lili lozizira bwino, tsiku lotha ntchito lisanakwane, koma polivundukula n'kutuluka fungo ngati la kanyimbi. Ambiri amathamangira kunena kuti mowawo ndi wachinyengo kapena kuti unatenthedwa n'kuziziritsidwanso. Kawirikawiri wolakwa ndi kuwala.

Mowa wam'mabotolo umawawa chifukwa cha maluwa a hopu amene amawiritsidwa pamodzi ndi madzi a chimera pofulula. Mumowamo mumakhalanso vitamini B2, wochokera ku chimera ndi yisiti. Vitaminiyu akaombedwa ndi kuwala, makamaka kwa buluu, amatenga mphamvu yake n'kuswa tinthu towawa ta hopu tija. Chidutswa chothyokacho chimagwirana ndi salufa wa m'mowamo, ndipo pamabadwa mankhwala amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti MBT. Mankhwalawa ndi apachibale ndi amene kanyama ka ku America kofanana ndi kanyimbi kamapopera adani ake. Mphuno ya munthu imawamva ngakhale atachepa kwambiri, moti kadontho kamodzi kangathe kununkhitsa dziwe lonse losambiramo.

Zimenezi sizidikira masiku. Tambula ya mowa woyera yosiyidwa padzuwa lamasana imayamba kununkha m'mphindi zochepa chabe. Nawo magetsi oyera a m'furiji ya chitseko chagalasi amachita zomwezo, kungoti pang'onopang'ono, kwa masiku angapo. Kuzizira sikuteteza.

Apa m'pamene mtundu wa botolo umalowera. Labulawuni limatsekereza mbali yaikulu ya kuwala koonongako, lobiriwira ngati la Heineken limatsekereza pang'ono, pamene loonekera mkati ngati la Corona silitsekereza chilichonse. Chitini ndiye sichilowa kuwala n'komwe. Makampani ena amene amafuna botolo loonekera, monga opanga Miller High Life ku America, amagwiritsa ntchito hopu wokonzedwa mwapadera kuti asatulutse fungoli akaombedwa ndi kuwala.

Wokayika angathe kuyesa yekha. Agule mabotolo awiri obiriwira a m'katoni imodzi yosatsegula. Limodzi alikulunge m'nsalu yokhuthala yakuda, linalo alisiye poyera, onse awaike padzuwa kwa theka la ola, kenako awaziziritse. Onse atenthedwa, koma lonunkha likhala losakulunga lija. Fungolo limamveka kwambiri pongovundukula, ndipo palibe njira yolichotsera.

Kutentha kuli ndi mlandu wake wina. Pothira mowa m'botolo mumatsalira kampweya ka okosijeni, ndipo m'kupita kwa miyezi mowa umakalamba: kafungo kabwino ka hopu kamatha, kuwawa kumazilala, m'kamwa mumatsala kukoma kwa katoni yonyowa kapena kutsekemera kwa uchi wakale. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kukalambaku kumathamanga pafupifupi kawiri kapena kuposa. Makireti amene agonera m'chipinda cha malata m'mwezi wa Okutobala angakalambe tsiku lolembedwa pabotolo lili kutali. Wogulitsa amene amaika katundu watsopano patsogolo n'kusiya wakale kumbuyo akulakwira makasitomala ake, ndipo nayenso amaluza.

Kuwawasa ndi nkhani ya tizilombo. Louis Pasteur anasonyeza m'buku lake lokhudza mowa la mu 1876 kuti mowa umasasa chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso. Mabakiteriya ena, apachibale ndi amene amasasitsa chambiko, amadya shuga wotsala n'kupanga asidi. Mowawo umachita mbuu m'malo mowala, nthawi zina umanunkha ngati batala, ndipo ukafika poipa umanyanda pothira. Mabakiteriya ena amafuna mpweya ndipo amasandutsa mowa kukhala viniga. M'mabotolo ochokera ku fakitale yaikulu izi sizichitikachitika, chifukwa mowawo umasefedwa ndipo kawirikawiri umatenthetsedwa pang'ono kuti tizilombo tife. Vutoli limakonda mowa wapampopi m'mabala, kumene mapaipi ndi kukamwa kwa mpopi zimayenera kutsukidwa ndi mankhwala pasanathe masabata awiri. Ngati tambula yoyamba ya tsikulo ikuwawasa kuposa zotsatira, ndiye kuti mowa wogonera m'paipi wakuda ndi umene wathiridwa.

Si kuwawasa konse kumene kuli vuto. Masese ndi Chibuku zimawawasa mwadala, ndipo ku Belgium kuli mowa wotchedwa lambiki umene amausiya kuti tizilombo ta mumpweya tiusasitse. Chibuku cha m'katoni chimapitiriza kuwira chili m'sitolo: chatsopano chimatsekemera, cha masiku angapo chimalimba n'kumawawasa, mpaka chimafika posamweka. Koma mowa woyera wam'botolo suyenera kuwawasa ngakhale pang'ono, ndipo wogula akaumva kusasa ali ndi chifukwa chomveka choubwezera kwa wogulitsa.