Serebelamu: mbali ya ubongo imene imaphunzira pa zolakwa za thupi

Kunkhongo, pansi pa ubongo waukulu, kuli kachigawo ka ubongo kotchedwa serebelamu. Kukula kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a ubongo wonse, koma maselo a mitsempha amene ali m'menemo amaposa theka la maselo otere a mu ubongo wonse. Serebelamu siyambitsa kuyenda ndipo sipatsa minofu mphamvu. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti dzanja kapena mwendo zafika pamene munthu akufuna, pa nthawi yake, ndi mphamvu yoyenerera.

Munthu akafuna kutenga kapu patebulo, ubongo waukulu umalamula minofu ya mkono, ndipo uthenga womwewo umafikanso ku serebelamu. Nthawi yomweyo minofu, mfundo za mafupa, maso ndi mkati mwa khutu zimanena kumene mkonowo ndi thupi lonse zili. Serebelamu imayerekeza zimene zinalamulidwa ndi zimene zikuchitika, n'kukonza kusiyanako mwini wake asanazindikire. Imadziwiratunso pofunika kuchepetsa liwiro kuti dzanja lisapitirire kapuyo.

Kudziwiratu kumeneku kumabwera pophunzira. Mu serebelamu muli maselo akuluakulu a nthambi zambiri amene Jan Purkinje, katswiri wa dziko la Czech, anawafotokoza mu 1837. Selo lililonse limalandira mauthenga ambirimbiri onena za mmene thupi likuyendera, komanso lili ndi mtsempha umodzi wapadera umene umaligwedeza mwamphamvu zinthu zikalakwika. Zikatero, njira zimene zinabweretsa cholakwacho zimafooka, ndipo ulendo wotsatira thupi limachita mosiyanako pang'ono. Umu ndi mmene mwana amafikira popalasa njinga kapena kusenza ndowa ya madzi osaigwira.

Ofufuza amaonetsa zimenezi ndi magalasi amene amapangitsa zinthu kuoneka ngati zasunthira kumanzere. Munthu wabwinobwino akawavala n'kuponya mpira pa chizindikiro cha pakhoma, poyamba mpira umagwera kumanzere. Akaponya mobwerezabwereza amayambanso kulasa pakati. Akavula magalasiwo, mipira yoyamba imagwera kumanja, kusonyeza kuti ubongo unasinthadi kaponyedwe. Koma odwala amene mbali zina za serebelamu zinawonongeka amangophonyera kumanzere mpaka mapeto, ndipo akavula magalasi saphonyera kumanja. Cholakwacho amachiona ndi maso, koma mkono suphunzirapo kanthu.

Zizindikiro za kuwonongeka kwa serebelamu anazilongosola bwino ndi dokotala wa ku Ireland, Gordon Holmes, mu 1917, atayeza asilikali amene anawomberedwa kunkhongo pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Madokotala amayezabe m'njira zonga zake. Wodwala amauzidwa kukhudza mphuno yake kenako chala cha dokotala, mobwerezabwereza. Ngati serebelamu ili ndi vuto, chala chimapitirira kapena kuperewera, ndipo chimanjenjemera kwambiri chikamayandikira pokhudzapo. Kunjenjemera kumeneku n'kosiyana ndi kwa matenda a Parkinson, kumene kumaoneka dzanja likangokhala ndipo kumachepa munthu akayamba kuligwiritsa ntchito.

Wodwala amauzidwanso kutembenuza chikhatho mwachangu, chagada ndi chafufumimba, pamwamba pa dzanja linalo. Wavutoli amachita mosokonezeka. Atagona, amaika chidendene pa bondo la mwendo winawo n'kuchitsetsereza mpaka kuphazi, ndipo chimapatukira uku ndi uku. Kawirikawiri maso amagwedezeka akayang'ana cham'mbali, ndipo mawu amatuluka modukaduka. Pa zonsezi mphamvu za mikono ndi miyendo zimakhala zilipo. Chosowa ndi mgwirizano.

Malo a zizindikiro amasonyeza malo a vuto. Mbali ya kumanja ya serebelamu ikawonongeka, dzanja ndi mwendo wa kumanja komweko ndi zimene zimasokonezeka, mosiyana ndi ubongo waukulu umene umalamulira mbali inayo ya thupi. Pakati pa serebelamu pakawonongeka, vuto limakhala pa kaimidwe ndi kayendedwe: munthu amadzandira, miyendo itatalikirana, ngakhale manja ali bwino. Izi zimaoneka mwa anthu amene amwa mowa wambiri kwa zaka zambiri.

Mowa umasokoneza serebelamu ngakhale kwa maola ochepa, n'chifukwa chake woledzera amadzandira. Koma munthu wodzandira asanalawe mowa akhoza kukhala ndi sitiroko, chotupa cha mu ubongo, kapena mankhwala a khunyu otchedwa fenitoini atamuchulukira m'magazi. Ana ena amadzandira atangochira katsabola, ndipo ambiri a iwo amakhalanso bwino pakapita milungu ingapo. Kudzandira koyamba mwadzidzidzi, pamodzi ndi chizungulire, kusanza kapena mutu wopweteka kunkhongo, kumafunika chipatala nthawi yomweyo, chifukwa serebelamu ikatupa imatha kupanikiza mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma.