Kompyuta Ikamadya Chipewa cha Ŵ

Tengani tsamba la buku lakale lomwe lili ndi dzina lakuti Malaŵi, mulijambule, kenako muuze kompyuta kuti isandutse chithunzicho kukhala mawu oti mungathe kuwakonza. Kawirikawiri mupeza kuti yalemba Malawi, kachipewa ka pa w kaja katasowa. Nthawi zina imaikapo chizindikiro chachilendo. M'Chicheŵa zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma tsamba la Chitumbuka, lodzaza ndi mawu ngati ŵanthu ndi ŵana, limaonongeka pafupifupi mzere uliwonse.

Vuto si maso a makinawo ayi. Pulogalamu yaulere ya Tesseract, yomwe kampani ya HP idaitulutsa kwa anthu onse mu 2005, imawerenga motsogozedwa ndi fayilo ya chilankhulo. M'fayilomo muli mndandanda wa zilembo zomwe idaphunzira, ndipo siingalembe chilembo chomwe sichili pamndandandawo, chithunzi chioneke bwino chotani. Mukapanda kuisankhira chilankhulo imangotenga Chingerezi, `eng`, chomwe chilibe ŵ. Ndiye imasankha chilembo chofanana nacho n'kupitirira osadandaula.

Pa zilankhulo zoposa 100 zomwe Tesseract ili ndi mafayilo ake, Chicheŵa palibe. Ambiri amathamangira Chiswahili, `swa`, poti mawu ake amamveka ngati athu, koma Aswahili salemba ŵ. Amene amamulemba ndi anthu a ku Wales, ku Britain, m'mawu ngati dŵr, kutanthauza madzi. Fayilo yawo ndi `cym`:

```
tesseract --list-langs
tesseract tsamba.png zotuluka -l cym
```

Lamulo loyamba likuonetsani mafayilo omwe muli nawo kale, lachiwiri liwerenga tsambalo n'kusunga mawu mu `zotuluka.txt`. Komatu fayiloyi idaphunzira pa mawu a ku Wales, motero pomwe inki yafufutika imakokera mawu athu kwawo. N'chifukwa chake ine ndimakonda `script/Latin`, fayilo yomwe idaphunzitsidwa ndi zilankhulo zambiri zolembedwa m'zilembo ngati zathuzi, ndipo siikondera chimodzi. Imathandizanso pa zikalata za ku Tete kapena ku Angónia, momwe Chinyanja chimasakanikirana ndi ã ndi ç za Chipwitikizi.

Musanapereke buku lonse, yesani tsamba limodzi. Werengani nokha ma ŵ omwe ali papepala, mwachitsanzo 12, kenako muwafufuze m'zomwe zatuluka. Mukapanda kupeza ndi mmodzi yemwe, ndiye kuti fayilo ya chilankhulo ndi yolakwika. Mukapeza 7, fayilo ili bwino koma chithunzi n'chosakwanira: kachipewa n'kakang'ono kwambiri, kamafufutika mukajambula pansi pa 300 dpi kapena mukagwiritsa ntchito zochotsera timadontho ta fumbi. Yang'ananinso mawu ngati ng'ombe ndi pang'ono, chifukwa kachizindikiro ka pambuyo pa g nako kamasowa mwa njira yomweyo, ndipo kakasowa mawuwo amatchulidwa mosiyana.