Kapu yothimbirira simafuna mchenga

Ntchito yanga ndi kuyang'anira khitchini ya malo ogona alendo kuno ku Chipata ndi kuphunzitsa atsikana ndi anyamata amene abwera kudzaphunzira ntchitoyi. Ambiri akafika amakhala akudziwa kale kutsuka mapoto mpaka kuwala, koma akaona kapu yofiirira mkati, dzanja limathamangira ku mchenga kapena ku waya wotsukira mapoto. Apa ndi pamene ndimawaimitsa, chifukwa kapu yokwechedwa lero ndi imene imadzathimbirira msanga mawa.

Kapu yachitsulo yoyera ija timagula pa msika wa Kapata ndi kapu yadothi ya m'kabati ya alendo zimaoneka zosiyana, koma pamene tiyi amakhudza ndi pamodzimodzi: pagalasi. Enamelo ndi galasi losungunulidwa pa chitsulo mu ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 800, ndipo kapu yadothi nayo imakutidwa ndi galasi lopyapyala poiwotcha. Galasi losalala sililowa madzi, choncho kuthimbirira kumangokhala pamwamba. Koma mchenga ndi wolimba kuposa galasi. Ukaukwecherapo umasiya timizere tosaoneka ndi maso, ndipo tiyi wa mawa amapeza pogwira. Mudzadziwa kuti kapu yafika pamenepo mukaiumitsa n'kuiyang'ana padzuwa: pansi pake sipanyezimira, pamaoneka mbuu.

Chimene chimamatirira pa kapu ndi zinthu ziwiri zogwirana. Masamba a tiyi, kaya ndi a ku Thyolo ndi Mulanje amene amalowera pa Mwami kapena a ku Kawambwa, ali ndi tanini, yemwe amapatsa tiyi mtundu ndi kukoma kwake kokhakha. Madzi nawo amakhala ndi laimu wosungunuka, makamaka a m'mijigo ndi m'zitsime zina. Tanini akakumana ndi laimu m'madzi otentha pamayandama kanthu konga mafuta, ndipo tiyi akamatsika m'kapu kanthuko kamatsalira m'mbali n'kuuma. N'chifukwa chake mumaona mizere yozungulira, uliwonse pamene womwa anapumira. Kuti mudziwe ngati madzi anu ali ndi laimu wambiri, suzumirani m'ketulo: ngati pansi pali zoyera zokakamira, ndi yemweyo. Khofi amawonjezapo mafuta ake, ndiye kapu ya khofi iyambe yatsukidwa ndi sopo ndi madzi otentha musanachite china chilichonse.

Zinthu ziwirizi zili ndi mankhwala osiyana. Tanini amafewa ndi soda, yemwe uja timathira m'therere. Laimu amasungunuka ndi zowawasa, viniga kapena mandimu. Chala ndicho chimakuuzani poyambira. Ngati mkati mwa kapu ndi mofiirira koma mosalala, soda akwanira. Ngati mukumva kukhakhala, pali laimu, ndipo zowawasa zidzafunika pambuyo pa soda.

Amayi ena a chigwirizano anandibweretsera makapu achitsulo 40 a pa mpingo wao, amene anagwira ntchito pa maliro kumudzi kufupi ndi Mtenguleni. Tiyi anaphikidwa m'mphika waukulu ndi madzi a pa mjigo, ndipo makapu ankangotsukuluzidwa n'kuperekedwa kwa ena. Tinayamba ndi kuwasankha. Asanu ndi imodzi anali ogumuka mkati, chitsulo chakuda chikuoneka, m'mbali mwake muli dzimbiri lofiira. Amenewa tinawaika padera. Otsalawo tinawamiza m'beseni lapulasitiki la madzi otentha malita 10, momwe tinasungunulamo soda masupuni aakulu 20, kutanthauza masupuni awiri pa lita iliyonse. Patatha ola limodzi madzi anali atasanduka ofiirira, ndipo makapu ambiri anayera pongopukuta ndi kansalu.

Ena anatsala ndi mzere pansi, pokumana khoma ndi tsinde la kapu. Pamenepo tinakanda phala la masupuni atatu a soda ndi supuni imodzi ya madzi, n'kupaka ndi kansalu konyowa mozungulira, osakanikiza. Soda ndi wofewa kuposa galasi, ndiye amachotsa litsiro osakala kapu. Ochepa amene ankamvekabe kukhakhala tinawatsukuluza bwinobwino, n'kuthiramo viniga gawo limodzi ndi madzi ofunda magawo atatu kwa mphindi 10 zokha. Nthawi imeneyi musaipitirire pa kapu yachitsulo, chifukwa enamelo ya makapu otsika mtengo imadyeka ndi zowawasa, ndipo ikagona m'viniga usiku wonse kunyezimira kwake sikubwereranso. Kapu yadothi imapirira nthawi yotalikirapo.

Mmodzi wa amayiwo anafunsa kuti, "Nanga bwanji osangosakaniza soda ndi viniga, aphunzitsi? Zimachita thovu ndithu." Thovulo ndi chizindikiro chakuti ziwirizo zikuthana mphamvu, ndipo chotsala ndi madzi amchere opanda ntchito. Chilichonse chilowe pachokha, ndipo pakati pake mutsukuluze.

Kumene soda kulibe, chidulo chimagwira ntchito yomweyo, popeza madzi osefedwa m'phulusa ali m'gulu limodzi ndi soda. Viikani makapu m'chidulo chosefa bwino, ndipo manja asakhalitsemo chifukwa chimauma khungu. Phulusa lokhalokha lotapa pa mafuwa musakwechere nalo, muli timiyala ndi mchenga.

Za Jik ndimafunsidwa kawirikawiri. Zoona, amayeretsa msanga: supuni yaikulu imodzi pa lita ya madzi ozizira, mphindi zisanu mpaka khumi, kenako kutsukuluza mpaka fungo litatheratu. Koma Jik amangochotsa mtundu, laimu amamusiya pomwepo, ndiye kapu imathimbiriranso posachedwa. Pa kapu yachitsulo yogumuka amafulumizitsa dzimbiri, ndipo pa yadothi ya mkombero wagolide amawononga golideyo. Chachikulu koposa n'chakuti Jik asakumane ndi viniga kapena mandimu, chifukwa pamatuluka mpweya wa kulorini umene umapweteka maso ndi mapapo, makamaka m'khitchini yotseka.

Palinso kuthimbirira kumene dzanja silingafikepo. Kapu yadothi ikakalamba, kapena ikamathiridwa madzi owira ili yozizira kwambiri, galasi lake limang'ambika timing'alu tonga ukonde wa kangaude. Tiyi amalowa m'timing'aluto n'kukakhala m'dothi la pansi pa galasi. Mukaona mizere yofiirira imene chala sichiimva, lekani kukwecha. Ngakhale itayera pang'ono poviika idzabwerera, ndipo mkaka umene umalowa mmenemo sutsukika. Kapu yotero ichoke pa gome la tiyi. Chimodzimodzinso makapu asanu ndi imodzi aja: kugumuka kwa kunja kulibe vuto, koma kwa mkati kapena kwa pamlomo kumapitirira kutekedzeka, ndipo tizidutswa take ndi galasi. Ndinawauza amayiwo kuti aziwagwiritsa ntchito yoyezera ufa ndi nyemba.

M'khitchini mwathu lamulo ndi lakuti kapu ikabwera kuchokera ku gome, tiyi wotsala atayidwe ndipo itsukuluzidwe nthawi yomweyo, ngakhale sopo abwere pambuyo pake, chifukwa tanini wosauma amachoka ndi madzi okha. Pa maliro kapena pa ukwati, pamene manja ndi ochepa, ikani beseni la madzi ofunda a soda pafupi ndi mphika wa tiyi kuti kapu iliyonse yobwerera izigwera mmenemo isanaume.