Kuwerenga lipoti la sukulu: nambala ya m'kalasi, magiredi ndi ndemanga za aphunzitsi

Teremu ikatha ndipo mwana akabwera kunyumba ndi lipoti la sukulu, funso loyamba la makolo ambiri limakhala lakuti wakhala nambala chiyani. Funsoli si lolakwika, koma nambala ya m'kalasi ndiyo imanena zochepa kwambiri pa zonse zolembedwa pa pepalalo. Imangoyerekeza mwana ndi anzake amene analemba nawo mayeso teremu imeneyo. Mlimi angathe kukolola zambiri kuposa anansi ake onse m'chaka cha chilala, komabe nkhokwe yake n'kukhala yosadzaza. Zimene zidzaweruze wophunzira pa mayeso a boma ndi magiredi a phunziro lililonse palokha.

Choyamba kuyang'ana ndi kabokosi kofotokoza tanthauzo la magiredi, kamene kawirikawiri kamakhala pansi kapena kuseri kwa lipoti. Kabokosika n'kofunika chifukwa manambala satanthauza zofanana m'makalasi onse. M'sukulu zambiri za pulayimale, 4 ndiye mulingo wapamwamba ndipo 1 amasonyeza mwana wofunika thandizo. Ku Fomu 1 ndi Fomu 2 sukulu zambiri zimalemba zilembo monga zimakhalira pa mayeso a JCE. Koma ku Fomu 3 ndi Fomu 4 zimatsata kachongedwe ka mayeso a MSCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, ndipo apa zinthu zimatembenuka: 1 ndiye giredi yapamwamba, 9 ndiye kulephera. Magiredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, pamene 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba. Kholo lozolowera malipoti a ku pulayimale lingathe kukondwera ndi 8 ndi 9, n'kudandaula ndi 2.

Chitsanzo cha mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera chikuonetsa bwino mmene nambala imasocheretsera. Teremu yoyamba anali nambala 14 pa ophunzira 70. Teremu yachiwiri wakhala nambala 9 pa ophunzira 58. Magiredi ake ndi awa: Chichewa 2, phunziro la Baibulo 3, zaulimi 3, jogalafe 4, bayoloje 5, mbiri yakale 6, masamu 7, Chingerezi 9. Sukulu yaphatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino kwambiri, n'kulemba mapointi 23. Popeza mapointi akamachepa ndiye kuti zili bwino, lipotili likuoneka losangalatsa, ndipo pakhomo pangaphedwe nkhuku.

Kukwera kuchoka pa 14 kufika pa 9 kuyenera kuwerengedwa pamodzi ndi nambala inayo. Olemba mayeso atsika kuchoka pa 70 kufika pa 58. Teremu yachiwiri imagwa m'miyezi ya dzinja, pamene chakudya chimachepa m'makomo ndipo mitsinje imadzaza. Ngati ena mwa ophunzira 12 amene sanalembewo anali patsogolo pake, mtsikanayu wakwera popanda kuwonjezera kalikonse pa zimene amadziwa. Kuti izi zidziwike, malipoti awiriwo ayenera kuikidwa pamodzi. Avereji ya malikisi ake inali 58, tsopano ndi 57. Chingerezi chinali ndi malikisi 44, tsopano chili ndi 31.

Vuto lenileni la lipotili lili pa Chingerezipo. Kuti wophunzira alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo pa mulingo wa kirediti, kapena maphunziro asanu, atatu mwa iwo pa mulingo wa kirediti. Njira zonse ziwirizi zimafuna kuti Chingerezi chikhale m'gulu la maphunziro okhozawo. Mtsikanayu wakhoza maphunziro asanu ndi awiri, koma magiredi amenewa atatuluka pa mayeso a boma sangalandire satifiketi. Mnzake amene wakhala nambala 25, wa magiredi 6 ndi 7 okhaokha kuphatikizapo Chingerezi, angailandire. Atakwera kufika pa 8 m'Chingerezi, satifiketi angaipeze, komabe khomo la mayunivesite a boma lingakhale lotsekabe, chifukwa kumeneko amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo ya Chingerezi. Choncho chimene banjali liyenera kulimbana nacho si kuchoka pa nambala 9 kupita pa nambala 5, koma kuchoka pa giredi 9 kufika pa 6 m'phunziro limodzi. Mwayi wake ndi wakuti izi zaoneka ali Fomu 3, chaka chathunthu chisanafike cha mayeso.

Mayeso a pa teremu nawo ali ndi malire ake. Amafunsidwa ndi kuchongedwa ndi aphunzitsi a pasukulu pomwepo, kuchokera pa mitu imene afikapo, ndipo malikisi ofikira giredi iliyonse amasiyana pakati pa sukulu ndi sukulu. Giredi 3 ya pa lipoti si lonjezo la giredi 3 ya MANEB. Pa chifukwa chomwecho, phunziro likatsika mwadzidzidzi ndi bwino kufunsa mmene kalasi yonse yachitira. Ngati wopambana onse m'Chingerezi anapeza malikisi 45, ndiye kuti pepala linali lovuta kapena mitu ina sinaphunzitsidwe, ndipo nkhaniyo ndi ya sukulu yonse. Ngati ambiri anapitirira 50, vuto lili pa mwanayo.

Ndemanga za aphunzitsi zimakhala zazifupi, ndipo zambiri zimalembedwa m'Chingerezi. Mphunzitsi wokhala ndi malipoti makumi asanu ndi limodzi oti alembe sabata yotsekera sangachitire mwina koma kubwereza mawu omwewo, kotero ndemanga yongoti alimbikire kapena wachita bwino kawirikawiri imangotsatira giredi. Yofunika kuimvetsa ndi imene yatchula chinthu: kujomba, kusalemba ntchito ya kunyumba, kugona m'kalasi, kulephera kulemba chimangirizo. Palinso ndemanga yonena kuti angathe kuchita bwino kuposa apa, imene makolo ena amaitenga ngati chiyamikiro. Tanthauzo lake n'lakuti mphunzitsi akuona nzeru zimene sizikuoneka m'malikisi, ndipo akufunsa mwaulemu chimene chikuchitika. Pa lipoti la mtsikana uja ndemanga imeneyi yaima pafupi ndi masiku 11 ojomba. Makolo akakumbukira kuti m'masabata a kupalira ndi kubandira ankamutenga kupita naye kumunda, gawo la yankho amakhala alipeza kale.

Kholo losawerenga Chingerezi lisadalire mwini lipoti kuti ndiye alimasulire. Ndi bwino kupempha wachibale kapena kupita nalo kwa mphunzitsi wa kalasi, makamaka ngati palibe chidindo cha sukulu ndi siginecha ya mphunzitsi wamkulu, kapena ngati pali manambala ofufutidwa. Sukulu imasunga malikisi onse m'kaundula wake.

Popita kusukulu sabata yoyamba yotsegulira, makolo a mtsikanayu atenge malipoti onse awiri ndi mapepala a mayeso a Chingerezi amene anabwezedwa. Mphunzitsi wa phunzirolo awaonetse pamene malikisi atayikira: pa malamulo a chiyankhulo, pa chimangirizo, pa kumvetsa nkhani, kapena pa mafunso a m'mabuku a nkhani ndi masewero amene anasankhidwa kuti awerengedwe. Ngati ndi pa mabukuwa, funso lotsatira ndi lakuti kodi mwanayo anawagwirapo m'manja, pakuti m'sukulu zina buku limodzi limazungulira ophunzira ambiri ndipo ena amalowa m'mayeso atangomva nkhaniyo kwa anzawo.