Chiwongolero cha Magemu: Kulowa kwa Waya Sikutanthauza Kuti Chigwira

Ziwongolero ziwiri za kampani ya Logitech, G29 ndi G920, zinatuluka chaka chimodzi, mu 2015, ndipo munthu woziona patali sangazisiyanitse. Zonse zimazungulira madigiri 900, zili ndi mapedulo atatu, ndipo waya wake ndi wa USB. Koma G29 imagwira pa PlayStation ndi pa kompyuta, pamene G920 imagwira pa Xbox ndi pa kompyuta. Mukatenga G920 n'kuilowetsa pa PlayStation 5 kuti musewere Gran Turismo 7, waya ulowa bwinobwino koma galimoto siyenda.

Chifukwa chake chili m'kati. Makina a magemu akangolumikizidwa ndi chipangizo, amachifunsa umboni woti n'chololedwa, ndipo yankho limachokera m'kachipangizo kakang'ono kamene kampani yopanga imaikamo itagwirizana ndi Sony kapena Microsoft. Zili ngati pa chipata cha m'malire, pamene chiphaso cha dziko lina sichingakulowetseni ngakhale nkhope yanu ikhale yodziwika. N'chifukwa chake G923, yomwe inabwera pambuyo pake, imagulitsidwa ya mitundu iwiri. Pogula chakale, makamaka chopanda katoni, yang'anani batani la pa chiwongolerocho. Chizindikiro cha PS kapena cha Xbox n'chodalirika kuposa mawu a wogulitsa.

Tinene kuti mwapeza G29 ndipo muli ndi PlayStation 5. Waya wa mapedulo sulowa m'makina, umalowa kunsi kwa chiwongolero, pomwe palinso polowetsa waya wa magetsi. Chiwongolerochi chili ndi mota zake zomwe zimakoka manja anu galimoto ikaterereka, choncho mphamvu ya USB yokha siyokwanira. Ngati wogulitsa alibe adaputa yake ya magetsi, mtengo utsike. Pamwamba pali kaswichi kolembedwa PS3 ndi PS4, ndipo pa PlayStation 5 kamayenera kukhala pa PS4. Mukalowetsa USB, chotsani manja, chifukwa chiwongolero chimazungulira chokha mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kenako chimabwerera pakati. Chikapanda kutero, yambani mwaona magetsi. Chikazungulira koma gemu osachimva, nthawi zambiri ndiye kuti simunadine batani la PS la pa chiwongolerocho n'kusankha dzina la wosewera.

Nanga amene wagula cholakwika? Pali maadaputa, monga Drive Hub ya ziwongolero ndi a Brook a mabokosi a ndodo ndi mabatani omwe osewera Tekken ndi Street Fighter amakonda. Ntchito yake n'kuyankha funso lija m'malo mwa chipangizo chanu, ndipo ena amafuna kuti mulowetsenso padi yeniyeni kuti abwerekeko umboni. Pa PlayStation 4 chizindikiro cha umboni wolephera n'chodziwika: zonse zimayenda bwino kwa mphindi pafupifupi 8, kenako mabatani amangofa. Anthu ambiri amaganiza kuti waya wawonongeka, pamene ndi makina amene achikana.

Vuto lalikulu ndi lakuti adaputa imadalira chifundo cha eni makina. Kuyambira mu Novembala 2023, Microsoft inayamba kutseka zipangizo zosaloledwa pa Xbox, ndipo uthenga wake umabwera ndi nambala ya 0x82d60002. Adaputa yomwe ikugwira lero itha kuleka makina akalandira pulogalamu yatsopano, n'kumadikira kuti opanga ake akonze. Komanso kukoka kwa chiwongolero kuja sikumveka mofanana nthawi zonse podutsa mu adaputa. Ine ndimaona kuti kugulitsa chiwongolero cholakwika n'kugula choyenera n'kwanzeru kuposa kuwonjezera ndalama pa kabokosi kosadalirika.

Sony nayo ili ndi malire ake. Padi ya DualShock 4 imagwira pa PlayStation 5 pa magemu a PS4 okha, koma ziwongolero ndi mabokosi a ndodo a PS4 ololedwa amagwiranso pa magemu a PS5 omwe amalola zipangizo zoterozo.

Kiyibodi ndi mausi nkhani yake ndi ina. Makina amazilandira popanda adaputa, koma wosankha ndi gemu. Fortnite ndi Call of Duty zimalola, magemu ena ambiri salola, ndipo kiyibodi imangothandiza polemba mauthenga. Maadaputa ngati XIM amanamiza makina kuti mausi ndi padi, zomwe zimapatsa wosewera mwayi woloza bwino kuposa anzake. Mu 2023 kampani ya Ubisoft inaika mu Rainbow Six Siege njira yotchedwa MouseTrap, yomwe ikazindikira chinyengochi inkayamba kuchedwetsa dala kuyankha kwa mausiyo, ndipo kuchedwako kunkakula wosewerayo akapitiriza.