Iguputo ndi Malawi: dziko lothithikana kwambiri ndi liti?

Mukatsegula mabuku a ziwerengero za mayiko, mupeza kuti Malawi ndi lothithikana kuposa Iguputo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kuno kwathu, pa sikweya kilomita imodzi pali anthu 186. Ku Iguputo, pamene chiwerengero chawo chinkakwana 100 miliyoni mu 2020, pa malo ofanana ndi omwewo panali anthu pafupifupi 100 basi. Komatu amene anaonapo mzinda wa Kairo, ngakhale pa kanema pokha, akudziwa kuti kumeneko munthu amasowa popondetsa phazi. Masamuwo sanalakwe. Chimene chimasocheretsa ndi malo amene anthuwo agawidwira.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Mumatenga chiwerengero cha anthu onse a m'dera, n'kuchigawa ndi kukula kwa deralo. Kukulako amakuyeza m'masikweya kilomita. Sikweya kilomita imodzi ndi malo a kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, omwe ndi mahekitala 100, kapena maekala pafupifupi 247. Yankho limene limatuluka limafotokoza chinthu chimodzi chokha: anthu onse atabalalitsidwa mofanana m'dera lonselo, pa sikweya kilomita iliyonse pangagwere angati.

Vuto limayambira pomwepo posankha kukula kwa dera. Mu 2018 Malawi anali ndi anthu 17,563,749. Dziko lonse, kuphatikizapo nyanja, ndi masikweya kilomita 118,484, ndipo mukagawa ndi nambala imeneyi mupeza anthu 148. Koma pa Nyanja ya Malawi palibe amene anamangapo nyumba. N'chifukwa chake a ofesi ya kalembera ku Zomba amachotsa madzi n'kutsala ndi mtunda wokha, woposa pang'ono masikweya kilomita 94,000, ndipo apo m'pamene pamachokera 186 uja. Anthu ndi omwewo, chaka n'chomwecho, koma mayankho awiri akusiyana ndi anthu 38. Nyanja n'njosavuta kuichotsa chifukwa aliyense amaiona pa mapu. Nanga mtunda umene sukhala anthu?

Titenge boma la Kasungu. Kalembera yemweyo anapezako anthu pafupifupi 843,000 pa malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 8,000. Kugawa kwake kukupereka anthu 105, chiwerengero chotsika kwambiri poyerekeza ndi cha dziko lonse, moti wongowerenga pa pepala angati ku Kasungu malo ali mbwee. Koma chakumadzulo kwa bomali, kumalire ndi Zambia, kuli nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, ya masikweya kilomita pafupifupi 2,300, kumene lamulo sililola kumanga mudzi kapena kutsegula munda. Mukaichotsa, anthu aja atsala ndi masikweya kilomita 5,700, ndipo chiwerengero chija chikwera kuyandikira 150. Apatu sitinachotse maesiteti a fodya, amene atenga malo aakulu m'bomali. Mlimi wa m'mudzi wa m'malire mwa nkhalangoyo mukamuuza kuti kwawo malo ndi ambiri, akufunsani kuti malo ake ati, poti amene mukuwawerengawo ndi a njovu.

Ku Iguputo kusiyana kumeneku kunafika posayerekezeka. Dzikoli ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi miliyoni imodzi, koma pafupifupi lonse ndi chipululu. Mvula yodalirika kulibe, ndipo moyo wonse watsamira pa mtsinje wa Nailo. Anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse amakhala m'chigwa cha mtsinjewu ndi kumatsiriro kwake, pa malo amene ndi pafupifupi magawo 5 okha mwa magawo 100 a dziko lonse. Tigawenso tsopano. Anthu 95 miliyoni pa masikweya kilomita 50,000 ndiye kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu 1,900. Otsala aja, 5 miliyoni, amwazikana pa masikweya kilomita 950,000, kutanthauza anthu asanu okha pa iliyonse. Chigawo chimodzi chakumadzulo, chotchedwa Wadi al-Jadid, n'chachikulu kuposa Malawi katatu ndi kupitirira, koma anthu ake sakwana ngakhale mmodzi pa sikweya kilomita.

Choncho 100 uja safotokoza za m'chigwa, safotokozanso za m'chipululu. Zili ngati kunena kuti pakhomo pali anthu khumi ndi zipinda khumi, ndiye aliyense ali ndi chipinda chake, chikhalirecho zipinda zisanu ndi zinayi n'zokhoma ndipo onse akugona mopanikizana m'chimodzi.

Akatswiri a ziwerengero ali ndi njira zochepetsera chinyengochi. Ina ndiyo kugawa anthu ndi malo olimika okha, osati dziko lonse. Njirayi imayankha funso limene dziko la alimi limafuna kudziwa, loti hekitala imodzi ya munda ikudyetsa pakamwa pangati. Pa Iguputo yankho limaposa anthu 2,000 pa sikweya kilomita ya munda. Koma nayo ili ndi polekezera. Munda wothirira wa m'mbali mwa Nailo umakololedwa kawiri kapena katatu pa chaka, pamene wathu wodalira mvula timakolola kamodzi, ndiye hekitala ziwirizi sizingaikidwe pa sikelo imodzi. Ndiponso njirayi ilibe ntchito pa mzinda, poti anthu a m'tauni chakudya amachita kugula.

Njira imene ine ndimaiona kuti imanena zoona kwambiri ndi yoyambira pa munthu, osati pa nthaka. Dziko amalidula m'tizigawo ting'onoting'ono, n'kupeza kuthithikana kwa kachigawo kalikonse. Kenako kachigawo kalikonse kamapatsidwa mphamvu molingana ndi anthu amene ali mmenemo, kotero kuti kopanda anthu kalibe mawu. Pa chitsanzo chathu cha Iguputo, anthu 95 mwa 100 akukhala pa malo a 1,900, ndipo asanu akukhala pa malo a 5. Muchulukitse 95 ndi 1,900, muchulukitsenso 5 ndi 5, muphatikize, n'kugawa ndi 100. Yankho ndi pafupifupi 1,800. Nambala imeneyi ndiyo ikufanana ndi zimene munthu wamba wa ku Iguputo amaona akatuluka pakhomo, ndipo ikuposa ija ya m'mabuku maulendo 18. Chovuta chake n'choti yankho limasintha malinga ndi kukula kwa tizigawo: mukadula dziko m'zigawo ziwiri zokha monga tachitiramu mupeza china, mukadula m'midzi ndi m'makwalala mupeza chokwera koposa. Poyerekeza mayiko awiri, kadulidwe kayenera kukhala kofanana.

Izi zikachoka pa pepala zimakhudza anthu. Wokonza mapulani akakhulupirira 105 wa ku Kasungu, angaganize kuti kumeneko kuli malo osamutsirako anthu ochokera ku Chiradzulu kapena ku Thyolo, kumene pa sikweya kilomita pali anthu oposa 400. Angathenso kulakwitsa poika sukulu, chipatala kapena mjigo, chifukwa nambala ya boma lonse siinena mbali imene midzi yaunjikana. Pa ntchito zotere pamafunika ziwerengero za dera la mfumu yaikulu iliyonse, ngakhalenso za timadera timene owerenga anthu amagawana pa nthawi ya kalembera.

Tsono mukamva kuti dera lakuti lili ndi anthu ochepa pa sikweya kilomita, musafulumire kuvomera. Tengani mapu, muone kuti ndi gawo lotani limene ndi madzi, phiri, nkhalango yotetezedwa, esiteti kapena chipululu. Mulichotse, mugawenso nokha.