Mimba siicepa? Funsani mabotolo a pa wikendi

Ku Nabvutika kuno ku Chipata ndimamva dandaulo limodzi kawilikawili: "Nacepetsa nsima, nasiya shuga mu tiyi, nimayenda na mendo kupita ku tauni, koma mimba ikali pamenepo." Ndikafunsa za Cisanu madzulo ndi Ciwelu, munthu amangoseka. Apo ndiye pali nkhani.

Thupi limacepa ngati mphamvu imene tadya, imene amaipima m'makalori, ndi yocepa kuposa imene tagwilitsa nchito. Koma thupi silitseka buku tsiku lililonse. Limaphatikiza masiku onse, wikendi kumene.

Mowa si madzi. Galamu imodzi ya ukali wa mowa ili ndi makalori 7, pamene ya shuga ili ndi 4, ya mafuta 9. Botolo la laga la mamililita 375, la ukali wa 5 pelesenti, limafika pafupifupi makalori 150. Chibuku nayo ili ndi zake zoonjezela, cifukwa ufa wa cimanga umakhalamo ndithu.

Manje tiwelengele pamodzi. Tinene kuti mwadzimana makalori 400 tsiku lililonse kuyambila Mande mpaka Cisanu masana. Mwasunga 2,000. Cisanu madzulo mwamwa mabotolo 5, Ciwelu poonelela bola mwamwa 6. Mabotolo 11 amenewa ndi makalori 1,650. Kwatsala 350 cabe. Onjezelani mbale imodzi ya chipisi ndi micopo, imene ingapitilile 500, ndipo zonse munasunga zatha, mwalowanso nkhongole. Kumbukilani kuti kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700.

Palinso cina. Thupi lilibe posungila ukali wa mowa, conco ciwindi cimayamba kulimbana nawo coyamba. Pa maola amenewo kutentha mafuta kumacepa. Mowa umatsegulanso njala, ndiye cifukwa cake micopo imakoma kwambili pa botolo lacitatu. Sondo ikafika, babalazi wakugwilani, simuyenda, mungofuna msuzi ndi zakumwa za shuga.

Ena amati adzazicotsa poyenda. Munthu wa makilo 70 afunika kuyenda pafupifupi makilomita 3 kuti atenthe botolo limodzi. Mabotolo 11 ndi makilomita oposa 30, mtunda wopitilila wocoka mu Chipata kukafika pa boda ya Mwami.

Sikelo nayo inganame. Mowa umakodzetsa, conco Sondo m'mawa mungaoneke opepuka, koma ndi madzi acoka, osati mafuta. Pimani pa Citatu m'mawa musanadye, sabata iliyonse, ndipo pimaninso ciuno ndi tepi ya telala. Ngati milungu inayi yapita popanda kusintha, welengani mabotolo.

Mukatsika kucoka pa 11 kufika pa 4, mwamwa makalori 600 cabe, ndipo 1,400 atsala m'thumba, malinga ngati mbale ya micopo sinakule. Sungani tuzitsekelelo m'thumba Cisanu likubwelali, mudzawelenge Sondo.